Njinga ya batire ikamazima pa chitunda: vuto lili pati?

Msewu wa M1 wochokera ku Dedza ukawoloka mtsinje wa Diamphwe, pomwe boma la Dedza limathera ndipo la Lilongwe limayambira, umatuluka m'chigwa cha mtsinjewo kulowera ku Kamphata ndi ku Nathenje. Si phiri ngati la Nkhoma kapena la Bunda ayi, ndi chitunda wamba chomwe wakabaza amakwera ataimirira pa mapedulo. Misewu yafumbi ya ku Mitundu nayonso ndi chimodzimodzi: umatsetsereka kulowa m'dambo, kuwoloka kamlatho, kenako kukwera. Malo otere ndi omwe njinga yoyendera batire imaonetsera matenda ake. Pamalo osalala imathamanga bwinobwino, sikirini ikuonetsa kuti moto ulipo wambiri, koma ikangofika pakati pa chitunda, zii! Mota yasiya kukoka. Mwini wake akaima pang'ono n'kuyatsanso, njinga ija imadzuka ngati palibe chachitika.

Amakaniko ena amathamangira kunena kuti batire latha, ena amati kontirola yapsa. Zonsezi n'zodula, ndiye kugula chinthu cholakwika kumapweteka. Koma fizikisi ya Fomu 3 ndi Fomu 4 yomwe mukuphunzirayi ndi yokwanira kupeza wolakwa, bola mukhale ndi maltimita komanso maso oona zomwe zimachitika pa sekondi yomwe njinga yazima.

Chitunda chimafuna karenti yochuluka bwanji?

Tiyerekeze kuti bambo wina akuchokera kufupi ndi mlatho wa Diamphwe kupita ku msika wa Nathenje atamanga thumba la chimanga pa kaliyala. Njinga ikulemera makilogalamu 30, iwowo 60, thumba 50. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 140, kapena kuti manyutoni pafupifupi 1400. Manambalawa ndawasankha kuti masamu asativute, koma sali kutali ndi njinga zenizeni. Akuyenda mamita 4 pa sekondi, omwe ndi makilomita 14 ndi kakuti pa ola.

Pamalo osalala, mota ikungolimbana ndi mphepo komanso kukhuzana kwa matayala ndi msewu. Tinene kuti zimenezi ndi manyutoni 20. Mukukumbukira kuti P = Fv, ndiye mphamvu yofunika pa sekondi iliyonse ndi 20 × 4 = 80 W. Mota imataya ina ngati kutentha, choncho batire liyenera kupereka mawati pafupifupi 100. Pa mavoti 37, karenti yake ndi maampeya osapitirira 3.

Tsopano msewu ukukwera mamita 6 pa mamita 100 aliwonse. Chitunda chotere sichiopsa n'komwe pochiona. Koma gawo la kulemera kwa njinga lomwe likuikokera m'mbuyo ndi 1400 × 0.06 = 84 N. Tikaphatikiza ndi manyutoni 20 aja, tapeza 104 N, ndipo 104 × 4 = 416 W. Mota ikalemedwa imataya mphamvu yambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye batire liyenera kupereka mawati pafupifupi 555. Gawani ndi mavoti 37: maampeya 15.

Kuchoka pa 3 kufika pa 15. Karenti yachuluka kasanu, chonsecho liwiro ndi lomwe lija. Chinsinsi chonse cha nkhaniyi chagona pamenepa. Chitunda sichiwononga kanthu, chimangopempha karenti yambiri, ndipo chofooka chilichonse chomwe chimabisala pa maampeya 3 chimaonekera poyera pa maampeya 15.

Batire nalonso lili ndi rezisitansi yake

Batire lolembedwa 36 V nthawi zambiri limakhala ndi maselo a lifiyamu ooneka ngati mabatire a tochi, otchedwa 18650 chifukwa ndi mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Maselo amtundu wa lifiyamuwa anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha ntchito yowatulukira. Selo imodzi ikadzaza imakhala ndi mavoti 4.2, ikafika pakati imakhala cha m'ma 3.6 kapena 3.7, ndipo ikatsika kufika pa 3.0 ndiye kuti yatsala pang'ono kuuma.

M'batire la bambo athuwa tinene kuti muli maselo 40. Amangidwa anayianayi moyandikana, m'mbali ndi m'mbali, kupanga magulu 10, ndipo magulu khumiwo alumikizidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi. Pa chikwama cha batire kapena pa pepala lake mungaone polembedwa 10S4P, kutanthauza zomwezi. Magulu 10 a mavoti 4.2 amapereka mavoti 42 batire likangochoka pa chaja. Ndiye musadabwe kuti batire la 36 V likuwerenga 42 pa maltimita. Silinawonongeke, langodzaza.

Mavoti amenewo ndi omwe mumawapeza batire likungokhala, lomwe m'kalasi timalemba ndi chilembo E. Karenti ikayamba kuyenda, imayenera kudutsa kaye m'kati mwa maselo momwe, m'tizitsulo tolumikiza, ndi m'mawaya. Zonsezi zili ndi rezisitansi, yomwe timailemba r. Lamulo la Georg Ohm la mu 1827 likunena kuti pa r pamenepo patayika mavoti okwana Ir. Otsala ofika ku njinga ndi awa:

V = E − Ir

Batire latsopano labwino la kukula kotere lingakhale ndi r ya maomu pafupifupi 0.15. Pa maampeya 15 limatsika ndi mavoti 2 ndi kakuti basi, palibe amene angazindikire. Koma maselo akamakalamba, makamaka akamasiyidwa padzuwa la mu Okutobala ali odzaza, r imakwera. Tinene kuti yafika pa 0.4. Pamalo osalala, 3 × 0.4 ndi mavoti 1.2 okha, ndiye njinga imaoneka yathanzi. Pa chitunda, 15 × 0.4 ndi mavoti 6 athunthu.

Apa ndi pomwe kontirola imalowerera. Kontirola ndi kabokosi kachitsulo komwe kali pakati pa batire ndi mota, kamene kamagawa karenti ku mawaya atatu a mota. Opanga anakalamula kuti voteji ikatsika kupyola malire ena kaleke kukoka, pofuna kuteteza maselo. Pa njinga za 36 V malirewo amakhala cha m'ma 30 kapena 31, ndipo kawirikawiri amalembedwa pa chizindikiro cha kabokosiko pamodzi ndi karenti yaikulu yomwe kamalola. Ife titenge 31 V ndi 15 A.

Taonani tsono. M'mawa bambo aja anyamuka batire lili pa mavoti 42. Pa chitunda, 42 − 6 = 36. Njinga ikukwera popanda vuto. Madzulo batire lili pakati, mavoti 36.5. Pamalo osalala kontirola ikuona 35.3, zonse zili bwino. Pa chitunda chomwe chija ikuona 36.5 − 6 = 30.5, pansi pa malire, ndiye ikudula. Karenti ikangoima, Ir imasanduka ziro, voteji imabwerera pafupi ndi 36.5, ndipo timizere ta pa sikirini timadzadzanso. N'chifukwa chake mwini njinga amalumbira kuti moto unalimo. Sakunama ayi. Moto ulimodi, koma batire silingathe kuutulutsa mofulumira monga chitunda chikufunira.

Matendawa ali ndi zizindikiro zake. Timizere ta batire timagwa limodzi ndi kukwera kwa msewu n'kubwerera mukafika pamwamba. Njinga imayamba yafooka isanadule, ndipo nthawi zina imachita kukoka, kusiya, kukoka, kusiya, chifukwa voteji ikungovina pa malire. Vuto limakula batire likamatsika, komanso m'mamawa wa mu Juni ndi Julayi kukamazizira, poti kuzizira kumachedwetsa maayoni m'kati mwa selo ndipo r imakwera. Batire limamveka lofunda mukalikhudza, ndipo n'zomveka: I²r = 15 × 15 × 0.4 = 90 W. Amenewo ndi mawati omwe akungotenthetsa chikwama cha batire m'malo mokankha tayala.

Kuyeza r sikufuna kutsegula batire. Mu labu, aphunzitsi ali pomwepo, tengani mababu atatu a kutsogolo kwa galimoto a 12 V 55 W, muwalumikize motsatizana. Pamodzi amakoka maampeya pafupifupi 4.5, ndipo nambala yeniyeni muiwerenge pa amita. Yezani voteji ya batire mababu asanalumikizidwe, kenako ali kuyaka. Mukapeza 40.0 poyamba ndi 38.2 pachiwiri, ndiye kuti r = 1.8 ÷ 4.5 = 0.4 Ω. Samalani, mababuwo amaotcha zala m'masekondi ochepa, ndipo mawaya awiri a batire akakhudzana pamathetheka moto wokhoza kusungunula chitsulo.

Gulu limodzi likatsalira m'mbuyo

Vuto lachiwiri ndi lomwe limasokoneza anthu kwambiri, ndipo ine ndi lomwe limandisangalatsa, chifukwa maltimita imatha kukuuzani zoona koma inu n'kumva zabodza.

M'kati mwa chikwama cha batire muli kabolodi kena kotchedwa BMS. Kontirola ija imangoona voteji ya batire lonse, koma BMS ili ndi kawaya kopita ku gulu lililonse, ndiye imaona magulu khumi aja palokhapalokha. Lamulo lake ndi losavuta. Pochaja, gulu lililonse likadutsa pang'ono mavoti 4.2, imaimitsa kuchaja. Poyenda, gulu lililonse likatsika kufika cha m'ma 2.8, imatseka batire lonse. Malire apansiwa amasiyana, ena 2.5 ena 3.0, koma mfundo ndi yomweyo. Gulu limodzi lokha ndi lokwanira kuzimitsa njinga yonse.

Popeza magulu alumikizidwa motsatizana, karenti yodutsa m'gulu lililonse ndi imodzimodzi. Palibe njira yoti gulu lodzaza ligwire ntchito m'malo mwa lofooka. Ganizirani ng'ombe ziwiri pa ngolo, ina yamphamvu ina yodwala: ulendo umathera pomwe yodwalayo yagona, kaya inzake ikadali ndi mphamvu zotani.

Tiyeni tione ndi manambala. Batire lachoka pa chaja, kanyali kasanduka kobiriwira. Magulu 9 ali pa mavoti 4.20, koma limodzi lili pa 3.60. Onse pamodzi: 9 × 4.20 + 3.60 = 41.4 V. Munthu woyeza pa mawaya akunja aona 41.4 n'kunena kuti ah, ladzaza ili, kusiyana ndi 42 n'kochepa. Koma kusiyana kochepako kwaunjikana pa gulu limodzi, lomwe lanyamuka ulendo lili ndi moto wosafika theka.

Atayenda makilomita angapo, magulu 9 aja atsika kufika pa 3.85, pomwe lotsalira lija lafika pa 3.25, m'mphepete mwa phompho. Batire lonse likuwerenga 37.9 V, ndipo sikirini ikuti kwatsala moto woposa theka. Chitunda chafika, maampeya 15. Magulu athanzi atsika ndi 0.2 aliyense kufika pa 3.65. Koma selo ya lifiyamu ikayandikira kuuma voteji yake imagwa msanga kwambiri, ndiye gulu lija likutsika ndi 0.5 kufika pa 2.75. Werengani zonse: 9 × 3.65 + 2.75 = 35.6 V. Kontirola ikuona 35.6, kutali ndi malire ake a 31, ilibe dandaulo. Koma BMS yaona 2.75 pa gulu limodzi, ndipo yatseka chitseko.

Kazimidwe kake n'kosiyana ndi koyamba kaja. Palibe kufooka pang'onopang'ono. Njinga imakhala ikukoka bwino, kenako zonse zii nthawi imodzi, sikirini ndi nyale zomwe, poti magetsi adulidwa kuchokera m'batire momwe. Mukayeza pa mawaya a batire nthawi yomweyo mumapeza ziro kapena kanambala kakang'ono kosamveka. Mabatire ena amadzuka mukazimitsa kiyi n'kudikira, ena mpaka muwachotse pa njinga n'kuwabwezera, ena amakana mpaka muwagwiritse chaja. Chizindikiro china chili kunyumba: batire lotere limachedwa pang'ono pa chaja, kanyali kamasanduka kobiriwira msanga, ndipo likadzaza silifika 42.

Nanga gulu limatsalira bwanji? Maselo safanana ndendende ngakhale achokere fakitale imodzi. Ena amataya moto pang'onopang'ono ali chikhalire kuposa anzawo. BMS zambiri zili ndi njira yokonzera zimenezi: magulu omwe adzaza kale zimawakhetsa moto pang'ono kudzera m'tirezisita ting'onoting'ono kuti otsalira awapeze. Koma pa BMS zotchipa ntchitoyi imachitika kumapeto kwenikweni kwa kuchaja, magulu akayandikira 4.2, ndipo karenti yake ndi yochepetsetsa, cha m'ma 0.05 A. Kwathu kuno ndiye pali msampha. Munthu akuchajira pa sola, dzuwa lalowa batire lisanadzaze. Wina akuchajitsa pa shopu pa tiledingi senta, magetsi azima, kapena akufulumira ndiye wachotsa batire kanyali kasanasinthe. Miyezi ikupita BMS osapeza mpata wogwira ntchito yake, ndipo kusiyana kukungokula. Mu chitsanzo chathu, gulu lotsalira likuperewera moto wokwana pafupifupi 6 Ah pa 10 Ah. Pa karenti ya 0.05 A, kulinganiza kungatenge 6 ÷ 0.05 = maola 120, masiku asanu usana ndi usiku. Ndiye malangizo oti ingolisiyani pa chaja usiku wonse amathandiza kusiyana kukadali kochepa, mwina 0.05 V kapena 0.1 V. Kukafika pa 0.6 V, pamafunika mmisiri woti achaje gululo palokha.

Ndipo pali funso lomwe mmisiri wabwino amadzifunsa asanatero: kodi gululi langotsalira, kapena lavulala? Misewu ya malata ya kumidzi imagwedeza batire tsiku ndi tsiku, ndipo kachitsulo ka nikelo kowotcherera pa selo kamatha kuthothoka. Gulu la maselo anayi limatsala ndi atatu. Aliyense tsopano akusenza maampeya 5 m'malo mwa 3.75, ndipo nkhokwe ya gululo yachepa ndi gawo limodzi mwa anayi. Kusiyanitsa kwake n'kokoma. Gulu longotsalira limakhala pansi pa anzake nthawi zonse, batire likadzaza ndi likatha pomwe. Gulu lovulala lili ngati ndowa yaing'ono pakati pa zazikulu: limayamba kuuma poyenda, koma limayambanso kudzaza pochaja. Ndiye mmisiri ayeze magulu onse kawiri, pa pulagi ya timawaya ta BMS, kamodzi batire litangodzaza ndi kamodzi njinga itangozima. Gulu lomwe lili pamwamba pa muyeso woyamba ndi pansi pa wachiwiri silichira ndi kuchaja, lifunika kuwotchereranso kapena kusintha maselo. Palinso lachitatu, gulu lomwe mumalilinganiza lero koma pakatha sabata latsikanso lokha. Limenelo muli selo yodontha m'kati, ndipo ndi loti lichotsedwe.

Apa ndinene mosapsatira. Pali amisiri ena omwe njinga ikamazima chonchi amangolumpha BMS ndi waya, njinga n'kusiya kuzima, kasitomala n'kupita akumwetulira. Kumeneko ndi kuchotsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kuli akuba. Gulu lofooka lija lidzatsitsidwa kupyola malire, mkuwa wa m'kati mwa selo udzayamba kusungunuka, ndipo pochaja ungapange timinga tolumikiza mbali ziwiri za selo. Moto wa lifiyamu umayaka mwaukali ndipo umatha kuyambiranso mutauzima, ndiye taganizirani batire likuchajidwa usiku m'nyumba yofolera udzu. Kutsegula chikwama cha batire si ntchito ya inu ana asukulu panokha. Kuyeza kunja ndi kuwerengera, kumeneko ndiye kwanu.

Mabatire a mtovu, omwe amakhala atatu kapena anayi a 12 V pa njinga zina zolemera, nawonso amadwala matenda omwewa, kungoti kuyeza kwake n'kosavuta chifukwa lililonse lili ndi mitu yake poyera. Lomwe likugwa kwambiri kuposa anzake mota ikamakoka ndiye lolakwa.

Nanga kontirola?

Kontirola imanamiziridwa kawirikawiri. M'nkhani yoyamba ija ndi iyo inadula magetsi, koma inali ikugwira ntchito yake molondola. Kontirola yowonongekadi, yomwe matiranzisita ake apsa, nthawi zambiri siyendanso n'komwe, ndipo tayala limalimba kapena kugunda mukalizunguza ndi dzanja. Yomwe imazima pa chitunda pokha n'kudzukanso imakhala ikutentha mopitirira, kapena vuto lili pa mawaya ake.

Kutenthako kuli ndi chifukwa. Mota ikamazungulira imakhalanso jenereta, imapanga voteji yakeyake yotsutsana ndi ya batire, ndipo voteji imeneyi ndi yomwe imachepetsa karenti m'makoyilo. Pa chitunda tayala limazungulira pang'onopang'ono, voteji yotsutsa imachepa, ndipo karenti ya m'mawaya atatu a mota imatha kuposa ya ku batire kawiri kapena kupitirira. Matiranzisita amatentha molingana ndi I²R. Kabokosi kakakhala kokutidwa ndi nsanza, kapena kapanikizidwa pansi pa thumba pomwe mphepo sifika, kutentha kulibe kothawira. Makontirola omwe ali ndi chitetezo cha kutentha amachepetsa mphamvu kapena kudula.

Zizindikiro zake zikutsutsana ndi za batire pafupifupi pa chilichonse. Sikirini imakhalabe yoyaka, timizere sitinagwe kwenikweni, mwina pamatuluka nambala ya vuto, yomwe tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani. Vuto silisamala kuti batire ladzaza kapena ayi. Limasamala kutalika kwa chitunda ndi kutentha kwa tsikulo: limabwera pakatha mphindi zingapo mukukwera, masana kuposa m'mawa, ndipo kuti njinga idzuke pamafunika mphindi zoti izizire, osati masekondi. Khudzani kabokosiko mosamala. Ngati simungathe kusiyapo chala, mwapeza poyambira.

Mota ikamachita kunjenjemera ndi kulira ngati ikukukuta mano isanasiye, yang'anani mapulagi. Mawaya atatu okhuthala, achikasu, obiriwira ndi abuluu, amatha kusungunula pulasitiki ya pulagi yawo. Palinso pulagi ya timawaya tisanu topita ku timasensa ta Hall, tomwe timauza kontirola pomwe maginito a mota afika. Njinga ili yoyaka, pakati pa kofiira ndi kakuda payenera kukhala mavoti pafupifupi 5, ndipo tina titatuto tizisinthasintha pakati pa 0 ndi pafupifupi 5 mukamazunguza tayala cham'mbuyo pang'onopang'ono. Kamodzi kakangoima pa nambala imodzi, kameneko ndiye kafa kapena waya wake waduka. Musaiwalenso kaswichi ka pa buleki, komwe kamauza kontirola kuti ileke kukoka. Chogwirira cha buleki chikakhala cholobodoka, munthu wolimbana ndi chitunda amatha kuchikhudza osadziwa.

Pali wolakwa winanso yemwe sali m'batire kapena m'kontirola: pomwe batire limakhala pa njinga. Timano take tikachita dzimbiri kapena fumbi ndi kuwonjezera maomu 0.1 okha, pa maampeya 15 patayika mavoti 1.5 ndipo pamatuluka kutentha kwa mawati 22.5 pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. Kwa kontirola, rezisitansi imeneyi siisiyana ndi r ya batire. Mukaona pulasitiki yoderako kapena yopindika pamenepo, yambani mwakonza pomwepo musanaweruze batire. Vuto la pamenepa limakondanso kubwera njinga ikagunda dzenje, ngakhale pamalo osalala.

Kuweruza mlandu wa njinga ya bambo aja

Sikirini ndi mboni yoyamba, koma si woweruza, chifukwa njinga zina zimazimitsa sikirini ngakhale pamene kontirola ndiyo yadula. Mboni yodalirika ndi maltimita yomangirira pa chiwongolero, mawaya ake olumikizidwa bwino ndi kukutidwa pomwe magetsi a batire amalowera m'kontirola. Batire likhale pakati, katundu akhale yemwe uja, chitunda chomwe chija. Nambala ikamatsika pang'onopang'ono, 34, 32, 31, njinga n'kudula, nambala n'kulumphira m'mwamba, ndiye kuti ndi Ir, ya batire lokalamba kapena ya pulagi yoipa. Ikakhala pa 35 kapena 36 kenako n'kugwera pa ziro mwadzidzidzi, BMS yatseka, ndipo chokayikitsa choyamba ndi gulu lotsalira, ngakhale fyuzi yolobodoka kapena BMS ya malire aang'ono a karenti ingachitenso chimodzimodzi. Mota ikasiya koma nambala n'kukwera kubwerera pa 37 n'kukhazikika, popanda kuyandikira 31, batire lilibe mlandu, pitani ku kontirola, masensa ndi buleki. Ngati mnzanu ali ndi batire la voteji yofanana ndi pulagi yofanana, kubwereka kwa ola limodzi kumathetsa mkangano wonse.

Tinene kuti pa njinga ya bambo aja nambala inatsika mpaka 31, timano tili toyera, ndipo mababu aja anapereka r ya 0.4. Batire lakalamba, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa r pansi. Koma ndalama ya latsopano isanapezeke, masamu omwewa akuwauza chochita. Munthu wamkulu angathe kupalasa ndi mawati 100 kwa mphindi zingapo popanda kufa nazo. Akatero, mota yatsala ndi 416 − 100 = 316 W, batire lipereke pafupifupi 420 W, karenti itsike kufika pafupifupi 13.5 A. Pa 13.5 A, Ir ndi mavoti 5.4, ndipo 36.5 − 5.4 = 31.1. Apulumuka, koma ndi kampata kochepa kwambiri. Akachepetsanso mlingo wa chithandizo pa sikirini n'kukwera pa mamita 3 pa sekondi m'malo mwa 4, chitunda chikufuna 312 W, miyendo ichotsepo 100, ndipo ngakhale mota ikutaya mphamvu yochulukirapo pa liwiro lotsikali, karenti ikhala cha m'ma 9 A. Voteji ikhala pafupi ndi 33, mavoti awiri pamwamba pa malire. Thumba lifika ku Nathenje, bola ulendo wokwera ndi katundu auyambe batire litangochoka pa chaja, ndipo wobwerera wopanda katundu ndi umene ukhale wa batire lotsika.